Mukamakonza zizindikiro m'chiganizo cha Chingerezi, musayambire kumanzere

Funso lake limaoneka lophweka. Akupatsani chiganizo cha Chingerezi chopanda chizindikiro ngakhale chimodzi, malemba onse ang'onoang'ono, ndiye akuti muikemo zizindikiro zoyenera. Wophunzira woti amadziwa bwino lomwe mpumiro, mpatuliro, nkhodolero ndi mitengero amalakwabe, ndipo amalakwa malo omwewo sabata ndi sabata. Mphunzitsi amakonza ndi cholembera chofiira, wophunzira n'kukopera yankho lolondola, koma likabwera funso lina lofanana nalo, vuto lija labwereranso.

Ndachonga makope okwanira kuti ndione pomwe pamagona vutoli. Nthawi zambiri sikuti malamulo sakuwadziwa ayi, koma dongosolo lomwe amagwirira ntchitoyo. Amayambira pa liwu loyamba kumanzere, n'kumapita kumanja, kumaika mpatuliro paliponse pomwe mpweya wawathera ndi nkhodolero paliponse pomwe aona *s* kumapeto kwa liwu. Mitengero amaikumbukira atafika kale kumapeto, ndiye amangoikoleka pomwe patsala malo. Chiganizo chokhala ndi zoyankhula mwini sichilola zimenezo, chifukwa chizindikiro chomwe muike pa liwu lachinayi chimadalira zomwe zili pa liwu lakhumi.

Tiyeni titenge chiganizo chimodzi tichikonze mpaka chithe.

*its getting late said the driver and the girls bags are still in the office*

Cholembera chikhale kaye pansi. Werengani chonse mpaka kumapeto, kenako funani mneni wosonyeza kuti wina wayankhula. Aneni ake ndi monga *said*, *asked*, *replied*, *shouted*, *whispered*. M'chiganizo chathuchi tampeza *said*, ndipo woyankhulayo ndi *the driver*. Mawu atatu awa, *said the driver*, ndi a wofotokoza nkhani, sanatuluke m'kamwa mwa dalaivala. Alembeni mzere kunsi ndi pensulo. Tsopano chiganizo chagawika patatu: zomwe zili kumanzere kwa mzere, mzere womwewo, ndi zomwe zili kumanja.

Za kumanzerezo n'zosavuta, ndi mawu a dalaivala. Za kumanja ndiye zimagwetsa anthu. Kodi *and the girls bags are still in the office* akunena ndi dalaivala yemweyo, kapena ndi wofotokoza nkhani amene akupitiriza? Yang'anani nthawi ya mneni. Wofotokoza nkhani akuyankhula za kale, n'chifukwa chake wati *said*. Akanakhala kuti ndi iye akupitiriza, akanati *were*. Koma pano pali *are*, nthawi yatsopano, yofanana ndi ya mawu oyamba aja akuti kukuda. Ndiye kuti dalaivala sanamalize, wangodulidwa pakati. Mitengero ikhala iwiriiwiri kawiri: ina kukuta mawu oyamba, ina kukuta mawu otsiriza, *said the driver* n'kutsala panja.

Njira ina yoyesera, yomwe ine ndimaikonda chifukwa siifuna mayina a nthawi za aneni, ndi yophimba mawu a wofotokozawo ndi chala n'kuwerenga zotsalazo mokweza ngati ndinu dalaivalayo. Zikamveka ngati zomwe munthu angayankhule motsatizana, zonsezo ndi zake.

## Pamalumikiziro, pomwe malikisi amatayikira

Mitengero ikakhala m'malo mwake, pamabwera malo awiri olumikizira: pomwe mawu a dalaivala akuthera koyamba, ndi pomwe akuyambiranso. Malikisi ambiri a funso lotere amathera pamenepa.

Malo oyamba ndi pambuyo pa *late*. Ambiri amaika mpumiro poganiza kuti dalaivala wamaliza ganizo. Ngakhale akanamaliza, chiganizo chonse sichinathe, chifukwa *said the driver* sangaime payekha. Mukangolemba *Said the driver* ndi lemba lalikulu, aliyense afunsa kuti wati chiyani. Choncho pamenepa pamakhala mpatuliro, ndipo mpatulirowo umalowa m'kati mwa mitengero, usanatseke. Liwu loti *said* limayamba ndi lemba laling'ono.

Malo achiwiri ndi pambuyo pa *driver*. Apa mudzifunse funso limodzi lokha: kodi mawu a dalaivala ndi chiganizo chimodzi chodulidwa pakati, kapena ndi ziganizo ziwiri? Phimbaninso ndi chala muja. Muwerenga kuti kukuda ndipo zikwama zikadali mu ofesi. Mlumikizi *and* wamanga mbali ziwirizo kukhala chiganizo chimodzi. Chiganizo chikakhala kuti sichinathe, pambuyo pa *driver* pamakhala mpatuliro, ndipo mawu otsatirawo amayamba ndi lemba laling'ono ngakhale kuti mitengero yatsegulidwa kumene.

*"its getting late," said the driver, "and the girls bags are still in the office."*

Lemba laling'ono la *and* limawaopsa ophunzira, chifukwa anaphunzira kuti mawu a m'mitengero amayamba ndi lemba lalikulu. Lamulolo likunena za pomwe chiganizo cha woyankhula chikuyambira, osati paliponse pomwe mitengero yatseguka. Dalaivala anayamba chiganizo chake pa *its*, ndipo lemba lalikulu lipita pamenepo basi.

Tsopano tisinthe pang'ono mawu otsirizawo kuti muone momwe zinthu zimatembenukira.

*its getting late said the driver where are the childrens bags*

Mukaphimba *said the driver*, mupeza ziganizo ziwiri zosiyana: china chikunena kuti kukuda, china chikufunsa za zikwama. Palibe mlumikizi pakati pawo. Pamenepa pambuyo pa *driver* pakhala mpumiro, ndipo *where* ayamba ndi lemba lalikulu.

*"It's getting late," said the driver. "Where are the children's bags?"*

Taonani kuti mpatuliro wa pambuyo pa *late* sunasinthe. Chomwe chasintha ndi cha pambuyo pa *driver* chokha. Ngati pa ziganizo ziwirizi mumaika zizindikiro zofanana, ndiye kuti mukutsatira maonekedwe a chitsanzo chomwe munaloweza, simukumvera zomwe woyankhula akunena. Umo ndi momwe ndimadziwira, ndikamachonga, kuti wophunzira waloweza kapena wamvetsa.

Mfunsiro ndi mfuuliro zili ndi kakhalidwe kake pamalumikiziro. Zikakhala kumapeto kwa mawu a woyankhula, zimatenga malo a mpatuliro uja, ndipo simuwonjezeranso mpatuliro wina. Komabe liwu lotsatira limayamba ndi lemba laling'ono, chifukwa chiganizo chonse sichinathe.

*"Where are you going?" asked the teacher.*

Izi zimaoneka ngati zolakwika m'maso, poti tinazolowera kuti mfunsiro ukadutsa pamabwera lemba lalikulu. Ngakhale makiyibodi a mafoni ambiri amakweza okha lemba limenelo, ndiye ngati mukulemba ntchitoyi pa foni muzibwerera kukalitsitsa. Cholakwa china chomwe chimayendera limodzi ndi ichi ndi kukankhira mfunsiro kumapeto kwenikweni, pambuyo pa *teacher*. Yemwe akufunsa ndi mphunzitsi, ndiye mfunsiro ukhale pa mawu ake, m'kati mwa mitengero. Umatuluka panja pokhapokha ngati funso ndi la wolemba, mawu a m'mitengerowo asali funso:

*Did he really say, "I am leaving"?*

Mawu a wofotokoza akakhala koyambirira, mpatuliro umakhala pambuyo pa mneni, kunja kwa mitengero, ndipo mawu a woyankhula amayamba ndi lemba lalikulu ngakhale ali pakati pa mzere.

*The nurse said, "Sit down and wait."*

Pali msampha wina umene umakola ngakhale odziwa. Si mneni aliyense woyandikana ndi mitengero amene ndi woyankhulira. Munthu angathe kunena mawu, kufunsa, kunong'ona, koma sangawakhale pansi kapena kuwatseka chitseko. Choncho ngati pambuyo pa mawu ake pabwera zochita chabe, zimenezo ndi chiganizo china choima pachokha, ndipo mpatuliro ulibe ntchito pamenepo.

*"I am tired." She closed the door.*

## Liwu loti "kuti" ndi mlandu wake

Ife oyankhula Chichewa tili ndi chifukwa chathuchathu cholakwira zoyankhula mwini m'Chingerezi. Liwu lathu loti "kuti" limagwira ntchito ponseponse. Tingathe kunena kuti, Mayi ananena kuti atopa, ndipo tingathenso kulemba kuti, Mayi ananena kuti, "Ndatopa." Ziwiri zonsezi khutu lathu limazilandira. Ndiye wophunzira amanyamula "kuti" ameneyu n'kumusandutsa *that*, n'kulemba chinthu chonga ichi:

*She said that, "I am tired."*

M'Chingerezi cha m'kalasi chimenechi n'cholakwa. Liwu loti *that* likabwera pambuyo pa *said*, ndi chizindikiro choti mawuwo akuchita kufotokozedwa ndi wina, ndipo mitengero siifunika, mpatuliro saufunanso. Muyenera kusankha chimodzi: *She said, "I am tired."* kapena *She said that she was tired.*

Pa funso loti muike zizindikiro, mawu simuloledwa kuwasintha, ndiye ntchito yanu ndi kuzindikira kuti akupatsani mtundu uti. Olemba mafunso amakonda kusakaniza dala chiganizo chimodzi chosafuna mitengero pakati pa zinzake zofuna. Zokuthandizani ndi ziwiri: *that* uja, ndi mlowam'malo. Mukaona *she said* kenako *I*, mwini wake akudziyankhulira. Mukaona *she said* kenako *she* wonena za munthu yemweyo, wina akumufotokozera. Mafunso nawo amatero. Chiganizo choti *He asked where the bags were* chimathera ndi mpumiro, osati mfunsiro, chifukwa chikungotiuza kuti munthu anafunsa. Mungachizindikire poona kuti mneni *were* ali kumapeto, pomwe m'funso lenileni akanakhala patsogolo pa *the bags*.

## Nkhodolero

Tibwerere ku chiganizo cha dalaivala. Mawu othera ndi *s* amene tingawakayikire ndi atatu: *its*, *girls* ndi *bags*. Wopupuluma amawapatsa nkhodolero onse atatu, wamantha amawamana onse. Zoona zake n'zakuti awiri akuyifuna, limodzi ayi, ndipo awiriwo akuyifuna pa zifukwa zosiyana.

Ntchito yoyamba ya nkhodolero timaidziwa kale ku Chichewa. Tikalemba "m'nyumba" kapena "n'chiyani", nkhodolero yaima pomwe pachoka lemba. M'Chingerezi ndi chimodzimodzi, ndipo mayeso ake ndi kutambasula liwulo. Yesani kuika *it is* kapena *it has* m'malo mwa *its*. Zikamveka, nkhodolero ikufunika. M'chiganizo chathu *it is getting late* akumveka bwinobwino, ndiye tilemba *It's*. Koma mu *the dog wagged its tail*, mukatambasula mupeza zopanda mutu, chifukwa *its* ameneyu akutanthauza "wake", mchira wake wa galuyo. Ameneyo salandira nkhodolero, monganso *hers*, *ours*, *yours* ndi *theirs*. Mayeso omwewa amathetsa mkangano wa *who's* ndi *whose*, komanso wa *you're* ndi *your*.

Chomwe chimasiyana ndi kwathu ndi malo ake. M'Chichewa nkhodolero yotere imakonda kukhala koyambirira kwa liwu, pafupi ndi pomwe mawu awiri akumanirana, ndiye dzanja limazolowera kuiika pamsoko. N'chifukwa chake m'makope mumadzaza *did'nt* ndi *is'nt*. Wophunzira waona kuti *did* ndi *not* akumana pakati pa *d* ndi *n*, waika pamenepo. Koma lemba lomwe lachoka ndi *o* wa mu *not*, ndiye nkhodolero ikhale pomwe panali *o*: *didn't*, *isn't*, *couldn't*. Lembani mawu awiriwo athunthu pambali, dulani lemba lochokalo, ndipo pomwe mwadulapo ndi pomwe pali malo ake. Liwu loti *won't* silitsatira bwino njirayi, poti limachokera ku *will not* koma tsinde lake linasintha. Limenelo mungoliloweza.

Ntchito yachiwiri ndi yachilendo kwa ife, chifukwa Chichewa sichisonyeza umwini ndi nkhodolero. Timati chikwama cha mtsikana, zikwama za atsikana, ndipo mwini wake amaonekera poyera. Ubwino wake ndi wakuti chiyankhulo chathu chomwechi chingathe kukhala chida choyesera. Mukapeza mayina awiri atsatizana, loyamba lothera ndi *s*, monga *girls bags*, atembenuzeni m'Chichewa mumtima. Ngati pakulowa "za", "cha", "wa" kapena "la" wa umwini, dzina loyambalo ndi mwini ndipo likufuna nkhodolero. Lachiwirilo, *bags*, ndi zinthu zambiri chabe. Palibe chomwe zikwamazo zili nacho, palibenso lemba lachoka, ndiye lisiyeni.

Funso lotsala ndi lakuti nkhodolero ikhale *s* asanafike kapena atadutsa. Ambiri anaphunzitsidwa kuti mmodzi ndi kutsogolo, ambiri ndi kumbuyo, ndipo lamulo limeneli limagwira mpaka tsiku lomwe akumana ndi *children*. Njira yosaphonya ndi iyi: lembani kaye dzina la mwini monga momwe lilili palokha, kenako ikani nkhodolero pomwe lathera. Ngati mwini ndi mtsikana mmodzi, dzina ndi *girl*, ndiye *girl's*. Ngati ndi atsikana ambiri, dzina ndi *girls*, ndiye *girls'*, ndipo poti *s* alipo kale simuwonjezera wina. Ngati ndi ana, dzina ndi *children*, lomwe ndi lochulukitsa kale popanda *s*, ndiye *children's*. Kulemba *childrens'* kukutanthauza kuti kuli dzina loti *childrens*, lomwe kulibe. Chimodzimodzi *men's*, *women's* ndi *people's*.

Nanga m'chiganizo cha dalaivala, atsikana ndi angati? Apa ndinene chilungamo: chiganizocho sichikutiuza. Mtsikana mmodzi angathe kukhala ndi zikwama zingapo, ndipo atsikana angapo angathenso kukhala nazo. Mneni *are* sakutithandiza, chifukwa akugwirizana ndi zikwama, osati ndi eni ake. Ngati funso ndi ndime yaitali, fufuzani m'ziganizo zoyandikana nazo. Mukapeza *she* kapena *her*, mtsikana ndi mmodzi. Mukapeza *they*, *their* kapena *both*, onani ngati akunena za atsikanawo. Chiganizo chikakhala chokhachokha popanda chokuunikirani, ine ndimasankha *girls'* poti zikwama zambiri zimayenera eni ambiri, koma mphunzitsi wachilungamo amayenera kulandira zonse ziwiri. Chomwe sangalandire ndi kusiya osaikapo, kapena kuika nkhodolero pamwamba penipeni pa *s* kuti wochonga asankhe yekha. Kachinyengo kameneko timakaona, ndipo sikapeza malikisi.

Chiganizo chathu tsopano chakwanira:

*"It's getting late," said the driver, "and the girls' bags are still in the office."*

Mayina a anthu othera ndi *s*, monga *James*, asakutayitseni nthawi. Mabuku ena amalemba *James's book*, ena *James' book*, ndipo zonsezi zimapezeka m'Chingerezi chovomerezeka. Tsatirani zomwe buku lanu la m'kalasi likuchita, ndipo musasinthesinthe m'ndime imodzi.

## Mipatuliro ya m'kati mwa mawu a woyankhula

Mukathana ndi mitengero ndi malumikiziro, mawu a m'kati mwa mitengero muwatenge ngati chiganizo china chilichonse. Malangizo akale oti muike mpatuliro pomwe mukupumira amathandiza mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri, koma munthu wowerenga chiyankhulo chomwe si chake amapumira paliponse pomwe liwu lamuvuta. Mpatuliro uliwonse womwe mwaika muzitha kunena ntchito yake. Mukalephera kuitchula, ufufuteni.

M'zoyankhula mwini ntchito yomwe imaiwalika kwambiri ndi yopatula dzina la amene akuyankhulidwa. Anthu akamayankhulana amaitanana, ndipo dzina loitanira limapatulidwa ndi mpatuliro, likhale koyambirira, kumapeto kapena pakati. Likakhala pakati, mipatuliro ndi iwiri. Kuiwala kwake kumasintha tanthauzo. Mu *"Call the doctor, Mother,"* mwana akuuza mayi ake kuti aitane dokotala. Mukachotsa mpatuliro woyambawo, zikumveka ngati akulamula wina kuti dokotalayo azimutchula kuti mayi. Mawu monga *yes*, *no*, *well* ndi *oh* akakhala koyambirira nawo amapatulidwa, ndiponso kafunso kakumapeto kaja kofuna kuvomerezedwa, monga *isn't it* kapena *didn't you*. Taonani chiganizo ichi momwe zonsezi zakumanirana:

*no sir i didnt take johns pen said the boy*

Mneni woyankhulira ndi *said*, mzere kunsi kwa *said the boy*. Zonse za kumanzere ndi za mnyamatayo. Pamalumikiziro, pambuyo pa *pen*, mpatuliro m'kati mwa mitengero. M'kati mwa mawu ake, *no* apatulidwe, ndipo *sir* ndi dzina loitanira lomwe lili pakati, ndiye likufuna mpatuliro uku ndi uku. Nkhodolero ziwiri: ya lemba lochoka mu *didn't*, ndi ya umwini mu *John's*, poti ndi cholembera cha John. Malemba aakulu amabwera pomalizira: poyambira, pa dzina la munthu, ndi pa *I* amene sakhala wamng'ono paliponse.

*"No, sir, I didn't take John's pen," said the boy.*

Cholakwa chotsutsana ndi kuiwala ndi kutuma mpatuliro ntchito yomulemera. Mpatuliro wokha sungamange ziganizo ziwiri zomwe chilichonse chingaime pachokha. *The bus was late, we walked home* ndi ziganizo ziwiri zomatidwa ndi malovu. Yesani motere: ikani mpumiro pomwe pali mpatuliropo. Ngati mbali zonse ziwiri zikumveka zathunthu, mpatuliro wokha sukukwanira. Poti pa funso lotere simuloledwa kuwonjezera mlumikizi monga *so*, ikani mpumiro ndi lemba lalikulu. Cholakwa ichi n'chimodzimodzi ndi chija choika mpatuliro pambuyo pa *driver* pomwe dalaivala wayamba chiganizo chatsopano, kungoti apa palibe wofotokoza nkhani wobisa msoko.

Musaikenso mpatuliro umodzi pakati pa mwininkhani ndi mneni wake, ngakhale mwininkhaniyo atatalika chotani. Mu *The man who drives the school bus is ill*, mpweya umafuna kupumira pambuyo pa *bus*, koma palibe chomwe mukupatula pamenepo.

Pa mndandanda wa zinthu, mpatuliro wa patsogolo pa *and* womalizira ndi nkhani ya kalembedwe. Mabuku ambiri a ku Amereka amauika, ambiri a ku Britain sauika, ngakhale kuti osindikiza a Oxford University Press amadziwika ndi kuuika mpaka mpatulirowo unatengera dzina kumeneko. *Pens, books and rulers* ndi *pens, books, and rulers* onse ndi olondola. Mitengero nayo ili ndi kusiyana kotere: mabuku ambiri a ku Britain amagwiritsa ntchito mitengero ya kachizindikiro kamodzi, a ku Amereka ya tiwiri. Polemba pamanja ine ndimalangiza ya tiwiri, pa chifukwa choti ya kamodzi imafanana ndendende ndi nkhodolero. Chiganizo chokhala ndi *girls'* m'kati mwa mitengero ya kamodzi chimaoneka ngati mawu a woyankhula athera pa *girls*, ndipo wolemba yemweyo amasokonezeka powerenganso. Woyankhula akabwereza mawu a munthu wina, mitengero ya m'kati imakhala ya mtundu winawo:

*"He shouted 'Stop!' and ran," said the guard.*

## Mukapatsidwa ndime yonse

Mafunso ena sapereka chiganizo chimodzi koma ndime ya anthu awiri akukambirana, yolembedwa mothithikana. Dongosolo ndi lomwelo, kungoti poyamba mulembe mizere kunsi kwa aneni onse oyankhulira, ndipo pambali pa mawu aliwonse mulembe ndi pensulo yemwe akuwanena. Woyankhula akasintha, yambani mzere watsopano. Ambiri amataya malikisi apa poganiza kuti kuyamba mzere si chizindikiro, chonsecho ndi njira yokhayo yomwe wowerenga amadziwira kuti wayankha ndi wina pomwe *said* sanabwerezedwe. Samalaninso ndi *said* amene ali pakati pa mawu a anthu awiri osiyana. Muyenera kuona ngati akufotokoza mawu a kumbuyo kwake kapena a kutsogolo, ndipo chokuuzani ndi tanthauzo: funso ndi yankho lake sizituluka m'kamwa mmodzi.

Mukamaliza, musawerengenso ndime yonse kufuna zolakwa zamtundu uliwonse nthawi imodzi, chifukwa diso limangotsetsereka pa zomwe dzanja lalemba kumene. Dutsanimo katatu mofulumira. Ulendo woyamba werengani mitengero yokha: yotsegula iliyonse ikhale ndi yotseka yake, ndipo patsogolo pa yotseka pakhale mpatuliro, mpumiro, mfunsiro kapena mfuuliro. Yotseka ikagundana ndi lemba popanda chizindikiro pakati, m'zokambirana zotere nthawi zambiri pali chomwe chasowa. Ulendo wachiwiri imani pa liwu lililonse lothera ndi *s* kapena *nt*, mulitambasule kapena mulitembenuze m'Chichewa. Ulendo wachitatu yang'anani lemba loyamba pambuyo pa mitengero yotseka ndi pambuyo pa yotsegula kachiwiri.

Ngati kope labwera litachongedwa kale, musangokopera mayankho. Werengani zolakwazo muone kuti zambiri zili pati. Zikakhala pa malemba aakulu a *said* ndi *asked*, vuto lanu ndi la pamalumikiziro, ndipo muyeserere ziganizo zodulidwa pakati zokhazokha: tengani chiganizo chimodzi cha woyankhula, muike *said the driver* koyambirira, kenako kumapeto, kenako pakati, n'kuona zizindikiro zikusuntha. Zikakhala pa nkhodolero za mayina ochulukitsa, ndiye kuti mukuthamangira *s* musanafunse za mwini. Zikakhala kuti mitengero yakuta chiganizo chonse pamodzi ndi *said the driver* yemwe, ndiye kuti mukadayambirabe kumanzere, ndipo pensulo yolembera mzere kunsi kwa mneni woyankhulira ija simunayambe kuigwiritsa ntchito.